Chidindo chokayikitsa pa tebulo la kalaliki wa ku Hara: mafunso ndi mayankho

Nkhani yaifupi imene tikuizukuta pano ndi yopeka, ndipo anthu ake sitinawapatse mayina. Koma malo, malamulo ndi kayendedwe ka mapepala ndi zenizeni. Taiika ku Hara, kum'mwera kwa boma la Karonga kufupi ndi Chilumba, kumene kuli sikimu yakale ya mpunga, inzake ya masikimu a Wovwe ndi Lufilya. Kumalo otere anthu amadziwana mpaka agogo awo, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imalemera.

Kodi nkhaniyo ikuti chiyani?

Mnyamata wina wangoyamba kumene ukalaliki pa ofesi ina yogula mpunga. Ofesiyo ikufuna munthu wosunga nkhokwe, ndipo yalengeza kuti wofunsira akhale ndi satifiketi ya MSCE yokhala ndi kirediti ya masamu. Aliyense abweretse fotokope yodindidwa, yotsimikizira kuti ikufanana ndi satifiketi yeniyeni. Ntchito ya kalalikiyu ndi kulandira maenvelopu, kuwalemba m'kaundula, n'kuwapereka kwa bwana.

Pa fotokope ya m'envelopu ina akupeza chidindo cha sukulu imene iye mwini anaphunzira. Chidindo chimenecho amachidziwa, chifukwa chili pa kalata yake ya umboni imene amasunga m'sutikesi. Chenichenicho chinabenthuka pang'ono m'mphepete, moti mzere wozungulira umaduka pamalo amodzi. Ichi n'chosalala bwino ngati chatsopano. Deti lake ndi 6 Julayi, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lino, pamene maofesi amakhala otseka. Atayang'anitsitsa magiredi, akuona kuti 3 wa masamu ndi wopyapyala kuposa 3 wina amene ali m'nambala ya mayeso papepala lomwelo.

Mwini envelopuyo si mlendo. Bambo ake amalima moyandikana ndi makolo a kalalikiyo, ndipo ngalande yothirira ndi imodzi. Madzulo a tsikulo bamboyo akumuimitsa pamsewu: "Mwanawe, mapepala a m'bale wakoyo uwaike pamwamba. Ife tikudalira iwe." Mnyamatayo akungoyankha kuti, "Ndamva, adada," koma usiku tulo osabwera.

Nanga chidindo chabodza chimadziwika bwanji ndi maso okha?

Tiyambe ndi mmene chenicheni chimagwirira ntchito. Chidindo cha labala chimatenga inki pa kansiponji, kenako dzanja la munthu n'kuchikanikiza papepala. Dzanja silikanikiza mofanana mbali zonse, choncho mbali ina imada kwambiri, ina imazimirira. Inki imafinyikira m'mphepete mwa zilembo, ndipo imalowa m'pepala moti nthawi zina imaonekera kuseri. Mukadinda kawiri motsatizana, zidindo ziwirizo sizingafanane ndendende. China chimapendekeka, china chimachepa inki.

Opeka zidindo ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi ya kompyuta: amajambula chidindo chenicheni papepala lina, amachikonza, n'kuchisindikiza ndi pulinta. Choterechi chimagwidwa mosavuta. Muunikeni ndi tochi ya foni chopendekera, kapena mujambule ndi kamera n'kukulitsa chithunzicho. Ngati pulintayo ndi ya inki, mudzaona timadontho ting'onoting'ono tamitundu ingapo tomwe tasakanikirana kuti tipange mtundu umodzi, pomwe inki ya chidindo imakhala ya mtundu umodzi basi. Ngati ndi pulinta ya ufa, zilembo zimakhala pamwamba pa pepala, zimanyezimira pang'ono, ndipo zimasweka pamene pepala lapindidwa. Umboni wamphamvu kuposa onse ndi kupeza mapepala awiri okhala ndi chidindo chofanana kotheratu, kupendekeka kofanana, kadontho kofanana pamalo amodzimodzi. Dzanja la munthu silichita zimenezo.

Njira yachiwiri ndi kusemetsa chidindo china. Ichi chimavuta, chifukwa inki yake ndi yeniyeni ndipo chimadindidwa ndi dzanja. Apa maso okha sathandiza pokhapokha mutakhala ndi chenicheni choyerekeza nacho. Yezani kukula kwake ndi lula. Onani maonekedwe a zilembo, kalembedwe ka dzina la ofesi, nambala ya bokosi la kupositi, ndiponso zipsera za ukalamba. Kalaliki wathu chamuthandiza ndi chimenechi: wosemayo anakopera mawu onse molondola, koma sanadziwe za kubenthuka kuja, kapena anakuyesa kulakwika n'kukukonza.

Chinthu chimodzi musachite. Ena amanyowetsa chala ndi malovu n'kupaka pa chidindo kuti aone ngati inki isungunuke. Kumeneko n'kuwononga pepala la mwini, ndipo likadzafunika ngati umboni, funso loyamba lidzakhala lakuti analikhudza ndani.

Ndiye kuti kalalikiyu wagwira wakuba?

Ayi. Wagwira chikayiko, ndipo chikayiko chilichonse mwa zitatu zija chili ndi yankho losalakwa.

Chidindo chosalala: masukulu amagula zidindo zatsopano chakale chikatha kapena chikatayika. Kalata ya kalalikiyu inadindidwa zaka zapitazo. Deti la 6 Julayi: aphunzitsi aakulu ambiri kumudzi amakhala pasukulu pomwepo, ndipo munthu akagogoda pa holide sabwezedwa nthawi zonse. Komanso chidindo cha deti chili ndi timalamba tozunguza ndi chala, ndipo kuiwala kuzunguza kapena kupitiriza ndi tsiku limodzi n'kofala. Nambala yopyapyala ija ingakhale vuto la makina a fotokope amene akutha inki.

Chimene chimalemera n'chakuti zitatuzi zakumana papepala limodzi, ndipo chachitatucho chagwera pa phunziro lenileni limene ntchito ikufuna. Magiredi a MSCE amayambira pa 1 mpaka 9. Wopeza 1 kapena 2 wakhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, ndipo 9 ndi kulephera. Tsono taonani 8 ndi 3. Mukafufuta theka la kumanzere la 8, chotsalacho chimafanana ndi 3, ndipo munthu wadumpha kuchoka pa kungokhoza kufika pa kirediti yabwino. Pa satifiketi yeniyeni kufufutako kumaoneka, koma ukafufuta pa fotokope n'kuijambulanso, chipsera chimabisika. N'chifukwa chake maofesi amafuna fotokope yodindidwa, ndipo n'chifukwa chakenso wosintha giredi amafunika chidindo chabodza, pakuti wodinda weniweni akanapempha kuona satifiketi yeniyeni.

Kodi chidindo chikakhala chabodza, satifiketi nayonso ndi yabodza?

Si nthawi zonse, ndipo apa ndi pamene makalaliki ambiri amasokonezera zinthu. Chidindo cha pa fotokope chimangonena chinthu chimodzi: kuti wodindayo anaona pepala lenileni ndipo likufanana ndi ili. Sichinena kuti mayeso analembedwa, kapena kuti magiredi ndi oona. Zimenezo amazidziwa ndi a bungwe loyendetsa mayeso la MANEB ku Zomba, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1987.

Choncho pali mitundu itatu. Pali satifiketi yoona yokhala ndi chidindo chabodza. Izi zimachitika munthu akaona kuti ulendo wa minibasi wopita kuboma ku Karonga kukadinditsa kwa majisitireti kapena loya ukumudyera ndalama, ndiye wina pamalo ojambulira mapepala akumuuza kuti, "Siyani pano, achimwene, mawa mudzapeza zodindadinda." Mwina mwini pepala sadziwa n'komwe kuti chidindocho chapekedwa. Pali satifiketi yosinthidwa yokhala ndi chidindo chabodza, monga mmene kalaliki wathu akuganizira. Ndipo pali mtundu woopsa kwambiri, satifiketi yabodza yokhala ndi chidindo chenicheni, chodindidwa ndi munthu wam'kati amene walandira kangachepe, kapena amene anangodinda osawerenga. Mtundu umenewu simungaugwire ndi tochi kapena lula.

Ine ndimaona kuti timachipatsa ulemu wopitirira chidindo m'dziko muno. Pepala likakhala ndi inki yofiirira pansi, anthu amasiya kuwerenga zimene zalembedwa pamwamba. Chikhalirecho chidindo ndi kachidutswa ka labala basi. Mphamvu yake ili m'kaundula amene ali kuseri kwake, ndipo wofuna zoona ayenera kukafika kwa kaundulayo.

Malamulo akuti chiyani?

Buku la malamulo a milandu ya upandu la dziko lino limafotokoza pa gawo 351 kuti kupeka chikalata ndi kupanga chikalata chabodza ndi cholinga chobera kapena kunyenga. Kusintha chikalata chenicheni popanda chilolezo kumalowanso momwemo. Gawo 356 limapereka chilango cha zaka zitatu m'ndende pa mlandu wamba wopeka chikalata, ndipo zikalata zina zili ndi zilango zokulirapo. Gawo 360 ndi limene limagwira anthu ambiri ofunsira ntchito: wopereka chikalata chabodza, akudziwa kuti n'chabodza ndipo ali ndi cholinga chonyenga, amalangidwa ngati kuti anachipeka ndi iye. Kunena kuti "sindinapange ndine, ndinangogula" sikupulumutsa munthu.

Mawu ofunika pamenepo ndi akuti "akudziwa". Amateteza munthu amene ananamizidwa ndi wojambula mapepala. Koma mawu omwewo ndi amene akuluma kalaliki wathu. Dzulo, asanaone kanthu, akanapereka envelopuyo kwa bwana popanda mlandu uliwonse. Lero waona. Akaikankhira pamwamba mwadala kuti mnzakeyo apeze ntchito, wasanduka wothandizira, ndipo malamulo amatenga wothandiza kupalamula mlandu ngati wopalamula. Akalandirapo thumba la mpunga ngati zikomo, nkhani yafika ku ziphuphu, kumene kuli bungwe la ACB.

Bwanji osangochotsa envelopuyo mwakachetechete, kapena kuibweza kwa mwini wake? Palibe amene angavulale.

Maganizo amenewa ndi amene amabwera msanga kwa munthu wamtima wabwino, ndipo ndi amene ndingawakane kwambiri.

Kuchotsa envelopu n'kuweruza mlandu wekha, popanda kumva mbali ya woimbidwa. Ngati pepala lija ndi loona, mwamulanda munthu ntchito chifukwa cha chidindo chatsopano cha sukulu. Komanso envelopuyo inalembedwa kale m'kaundula. Ikasowa, wofunsidwa ndi kalaliki, ndipo adzapezeka akufotokoza za kusowetsa mapepala a ofesi pomwe nkhani inali ya chidindo.

Kuibweza mwamseri kuli ndi vuto lina. Mukamuuza munthu kuti "chidindo chenicheni n'chobenthuka apa, ndipo deti lako ndi la holide," mwamuphunzitsa kukonza bodza lake. Sabata yamawa pepala lomwelo, lokonzedwa bwino, likapezeka pa ofesi ina. Ndipo kuyambira tsiku limenelo awirinu muli ndi chinsinsi chimodzi. Akadzagwidwa kwina, dzina loyamba kutchulidwa lidzakhala la amene anaona n'kubisa.

Kufuula nakonso sikuthandiza. Kalaliki akauza anzake pamsika kuti mwana wa uje ali ndi satifiketi yogula, nkhani ifika m'mudzi dzuwa lisanalowe, ndipo nkhaniyo ikapezeka yabodza ndiye kuti waipitsa mbiri ya munthu, mlandu umene ungamufikitse kwa amfumu kapena kukhoti.

Tsono achite chiyani kwenikweni, kuyambira m'mawa?

Asiye pepala mmene lilili. Asalembepo, asalizungulize ndi cholembera, asalitengere kunyumba. Atenge pepala lina, alembe deti, nambala ya envelopu m'kaundula, ndi zimene waona. Kalembedwe kake n'kofunika. Asalembe kuti "satifiketi iyi ndi yabodza." Alembe kuti chidindo chikusiyana ndi chimene chili pa kalata ina ya sukulu yomweyo pamalo akutiakuti, kuti deti lake ndi la holide, ndi kuti nambala ya giredi ya masamu ikusiyana maonekedwe ndi nambala zina. Zimenezi angazibwereze pamaso pa aliyense, ngakhale pepala litapezeka loona, popanda kuchita manyazi.

Awonjezere mzere umodzi umene achinyamata ambiri amauopa: kuti wofunsirayo amamudziwa, ndi woyandikana naye kumunda, ndipo akupempha kuti wina ndiye apitirize nkhaniyi. Mzere umenewu umamuteteza mbali zonse. Palibe adzanene kuti anakondera, palibenso adzanene kuti anali ndi chidani cha m'malire a munda.

Kenako apereke kwa bwana wake pamanja, chitseko chili chotseka, ndipo asunge kope la zimene walemba. Pamenepo ntchito ya kalaliki yatha. Zotsala ndi za bwana.

Bwana wanzeru sayamba ndi kuitana apolisi. Amayamba ndi chinthu chotsika mtengo: kuuza onse amene asankhidwa kuti pa tsiku la mafunso abwere ndi masatifiketi enieni pamodzi ndi chiphaso cha unzika. Onse, osati mmodzi. Potero palibe amene walozedwa chala, ndipo kalaliki saonekera. Fotokope ikaikidwa pambali pa satifiketi yeniyeni, nkhani ya 8 ndi 3 imatha m'mphindi imodzi. Ngati chikayiko chikadalipo, foni ipite kwa mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo, pa nambala imene ofesi yaipeza yokha, osati imene yalembedwa papepala lokayikitsalo. Mafunso ndi awiri: kodi munadinda pepala la munthu uyu, ndipo mndandanda wa zotsatira za chaka chimenecho ukuti chiyani pa nambala iyi? Masukulu amalandira mndandanda wotere mayeso akatuluka. Yankho lomaliza limachokera ku MANEB, imene imatsimikizira masatifiketi ofesi ikapempha ndi kulipira. Zomba ndi kutali ndi Hara, ndipo yankho silibwera tsiku lomwelo, koma ndi lokhalo limene lingaime m'khoti. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga bwana akati, "Zisiye, si zako"?

Zimachitika, ndipo nthawi zina ndiye kuti bwanayo anayankhulidwa kale. Apa ndi pamene kope lija limagwira ntchito. Kalaliki asakangane. Akane mwaulemu chinthu chimodzi chokha: kusaina paliponse ponena kuti mapepala awunikidwa ndipo ali bwino. "Pepani bwana, pamenepa sindingasaine, ndinalemba kale zimene ndinaona." Ngati ofesi ili ndi komiti kapena akuluakulu ena pamwamba, nkhani ingakwere kumeneko. Ngati pali zizindikiro zakuti ndalama zasinthana manja, khomo ndi la ACB, ndipo lamulo lothana ndi ziphuphu lili ndi ndime yoteteza opereka uthenga. Ngati ndi kupeka chikalata chabe, ndi nkhani ya apolisi.

Tisanamizane, chitetezo cholembedwa m'buku sichiletsa anthu kuleka kukupatsa moni. Mnyamata amene sanakhazikike pa ntchito angathe kuvutika. Sindingamunyoze atalekera pa kulemba, kupereka kwa bwana, ndi kukana kusaina. Wachita mbali yake. Amene ndingamunyoze ndi wosaina akudziwa.

M'nkhani yopekayo, zinatha bwanji?

Kalalikiyo analemba kalata yake n'kuipereka. Bwana anaitanitsa masatifiketi enieni kwa onse. Pa tsiku la mafunso mnyamata wa envelopu ija sanabwere, anangotumiza uthenga kuti satifiketi yake inanyowa ndi madzi osefukira. Ku Karonga zimenezi si zachilendo, ndipo chifukwa chotere sichingakanidwe pamaso. Ofesi inamuyankha kuti abweretse chikalata cha ku MANEB chotsimikizira zotsatira zake. Sanabwerenso. Ntchito anaitenga mtsikana wina amene anali ndi 5 pa masamu.

Palibe amene anamangidwa, ndipo owerenga ena adzati nkhaniyo yathera m'malere. Ine ndikuti ikufanana ndi mmene zimathera zambiri. Wolemba nkhani yotere amakopeka kuti abweretse galimoto ya apolisi kumapeto, kapena kuti kalaliki akwezedwe pa ntchito. Zoona zake n'zakuti bambo uja anamva ndithu kuti mapepala anadutsa m'manja mwa yani, ndipo nyengo yotsatira, pa nthawi yogawana madzi m'ngalande, makolo a kalalikiyo anayamba kupeza chotsekera chawo chitatsekedwa m'mawa. Mtengo wa chisankho chake anaulipira ndi anthu amene sanaone n'komwe pepalalo. Wolemba akabisa zimenezi, ndiye kuti wapeputsa chimene mnyamatayo anachita.

Palinso funso limene nkhaniyo siiyankha: chidindo chija anasema ndani? Wofunsira mmodzi wabwezedwa, koma labala lija likadali m'kabati ya winawake. N'chifukwa chake bwana amayenera kudziwitsa sukulu imene dzina lake lagwiritsidwa ntchito, kuti iyo ikadandaule kupolisi ndi kuchenjeza maofesi ena.

Nanga ine wofunsira ntchito, ndingapewe bwanji kugwa m'zimenezi mosadziwa?

Pitani nokha kukadinditsa, mutanyamula satifiketi yeniyeni, ndipo muone ndi maso anu chidindo chikutsika papepala. Wodinda woona amapempha kuona pepala lenileni, amasaina, ndipo dzina kapena udindo wake umawerengeka. Amene akukuuzani kuti musiye fotokope yokha mudzatenge mawa, mukaneni, ngakhale mtengo wake utakhala wochepa kuposa wa minibasi. Musanachoke, werengani deti.

Ngati satifiketi inatayika, inapsa kapena inanyowa, musapite kwa wodziwa kompyuta kuti akukonzereni ina, ngakhale magiredi mutawasiya mmene analili. Pepala limenelo lidzakhala lopeka ndithu. Yambirani kusukulu kumene munalembera mayeso kuti akupatseni nambala yanu ndi chaka, kenako pemphani ku MANEB chikalata chotsimikizira zotsatira zanu. Ndipo ngati masamu munapeza 8 pomwe ntchito ikufuna kirediti, MANEB imalola kulembanso mayeso ngati wophunzira wapadera. Kalembetseni.